Mafunso okhazika anthu pamzere ndi mozungulira tebulo: muyambire mfundo iti?

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa ku Matero kuno ku Lusaka. Ndinamaliza giledi 12, ndipo ndaitanidwa ku mayeso olemba a ntchito imene ndinafunsira. Masamu ndimakhoza, koma mafunso aja oti anthu 7 kapena 8 akhala pamzere kapena mozungulira tebulo, uyu ali kumanzere kwa uyo, uyo sayandikana ndi uje, amandizunguza mutu. Ndimayamba ndi mfundo yoyamba, koma ndikamafika yachinayi ndimakhala nditafufuta kale kangapo, pepala lada, nthawi yatha. Kodi ndiziyambira pati?"

Mlongo wanga, mtima pansi. Munthu wokhoza masamu ali kale ndi nzeru zonse zimene mafunso awa amafuna. Chimene chikukugwetsani mwachitchula nokha: mukutsatira mfundo mmene azilembera. Wolemba mayeso amazisakaniza dala, ndipo kawirikawiri imene waiika pamwamba ndi imene ilibe chothandiza poyambira. Kusukulu tinazolowera kuyamba ndi nambala 1 n'kumatsika, koma pano muyenera kuwerenga mfundo zonse kaye, pensulo isanagunde pepala, kenako inu nokha n'kusankha yoyamba.

Muyeso wosankhira ndi umodzi. Pa mfundo iliyonse dzifunseni kuti: ndikati ndiijambule pompano, ndingaijambule m'njira zingati? Imene ili ndi njira imodzi yokha ndiyo iyambe. Ya njira ziwiri idikire pang'ono. Ya njira zambiri, makamaka zija zokana, zoti "wakuti sakhala pakuti", zikhale kumapeto. Ndikuonetsani ndi funso lenileni, chifukwa zongonena pakamwa sizikhalitsa m'mutu.

Anthu 7, A, B, C, D, E, F ndi G, akhala pamzere umodzi, onse ayang'ana kumpoto.

1. G sayandikana ndi B.
2. Pakati pa A ndi D pali anthu awiri.
3. E wakhala pompo kumanja kwa F.
4. G sali kumapeto kwa mzere.
5. D ndi wachiwiri kumanzere kwa B.
6. B ndi wachiwiri kuchokera kumapeto a kudzanja lamanja.

Jambulani timizere 7 topanda kanthu, mutipatse manambala 1 mpaka 7 kuchokera kumanzere. Poti onse ayang'ana kumpoto, tiyerekeze kuti ayang'ana kumtunda kwa pepala, akupatsani msana. Motero kumanja kwawo n'kumanja kwanu, palibe chotembenuza.

Taonani chimene chimachitika mukayamba ndi mfundo 1. Anthu 7 angakhale pamzere m'njira 5,040. Mfundo yoti G sayandikana ndi B imachotsapo njira 1,440 zokha, n'kukusiyirani 3,600, ndipo palibe chilembo ngakhale chimodzi chimene mungalembe pampando. Ndiye munthu amangoganizira, n'kuika G penapake, B penapake, kufufuta n'kuyambira pamenepo. Tsopano taonani mfundo 6, imene ili pansi penipeni. Ikuuzani mpando weniweni: B ali pa 6. Ndi mfundo imodzi yomweyo njira zatsika kuchoka pa 5,040 kufika pa 720. Mfundo yotere, yomangirira munthu ku mpando, ndiyo muziifunafuna poyamba pa funso lililonse la pamzere. Imabwera ndi mawu onga "kumapeto", "pakatikati", "wachitatu kuchokera kumanzere".

B atakhala, musabwerere pamwamba kukayamba kuwerenga mwandondomeko. Funani mfundo ina imene ikutchula B. Zilipo ziwiri, 1 ndi 5. Yoyambayo ndi yokana, choncho idikire. Mfundo 5 ikunena mbali ndi mtunda womwe: wachiwiri kumanzere kwa B. Kuchokera pa 6, woyamba kumanzere ndi 5, wachiwiri ndi 4. D ali pa 4.

```
1 2 3 4 5 6 7
_ _ _ D _ B _
```

Tsopano amene wangokhala kumene ndi D, ndiye funani pamene D watchulidwanso. Ndi mfundo 2. Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa kawerengedwe: kukhala anthu awiri pakati ndiye kuti manambala a mipando akusiyana ndi 3, osati 2. Ambiri amasokoneza "wachiwiri kumanzere", pamene pakati pamakhala munthu mmodzi, ndi "pakati pali awiri", pamene uyo amakhala wachitatu. Msampha wachiwiri ngwakuti mfundoyi sinanene mbali. A angakhale pa 1 kapena pa 7. Musasankhe mongoganizira. Jambulani mizere iwiri, wina pansi pa unzake, ndipo muiyendetse limodzi.

```
A _ _ D _ B _
_ _ _ D _ B A
```

Kujambula kawiri kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma kumatenga masekondi ochepa, pamene kufufuta n'kuyambanso kumadya mphindi. Chinanso, mukafufuta mumataya chikumbutso cha njira imene mwayesa kale, n'kupezeka mwaiyesanso kachiwiri osadziwa. Ine ophunzira anga ndimawauza kuti labala aisiye m'chikwama akamachita mafunso awa. Chithunzi chikalephera, chikhwatcheni ndi mzere umodzi, chizionekabe.

Mfundo 3 ndi ya mtundu wina. Sikutchula munthu aliyense amene wakhala kale, koma ikumanga anthu awiri pamodzi, F kumanzere, E kumanja, popanda mpata pakati. Ine ndimautcha mtolo. Ulembeni pambali pa pepala, FE, ndipo muziuona ngati chinthu chimodzi chofuna mipando iwiri yogundana. Mtolo sulowa pachiyambi, mipando ikadali yambiri, chifukwa pamzere wa mipando 7 wopanda munthu ungakhale malo 6 osiyana. Umalowa tsopano, malo atachepa. Mumzere wapamwamba mipando yotsala ndi 2, 3, 5 ndi 7, ndipo yogundana ndi 2 ndi 3 basi. F pa 2, E pa 3. Atsala C ndi G, mipando yatsala 5 ndi 7.

Apa m'pamene mfundo yokana imagwira ntchito yake. Mipando 5 ndi 7 yonse yagundana ndi B, koma G saloledwa kuyandikana ndi B. G alibe pokhala, choncho mzere wapamwamba wafa. Mfundo imene pachiyambi inali yopanda mphamvu yapha chithunzi chathunthu nthawi imodzi, chifukwa chakuti taigwiritsa ntchito pa nthawi yake.

Mumzere wapansi mwatsala mipando 1, 2, 3 ndi 5. Yang'anitsitsani mpando 5. Wapanikizika pakati pa D ndi B, uli wokhawokha. Mtolo wa FE sungalowepo, G sangakhalepo chifukwa cha B. Watsala ndani? C, amene sanatchulidwe m'mfundo iliyonse. Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake muzilemba zilembo zonse pamwamba pa pepala n'kumachonga amene mwamukhazika, kuti wosatchulidwayo musamuiwale. Mpando wokhala wokhawokha chonchi muziufunsa funso lotembenuza. M'malo mofunsa kuti "munthu uyu akhale pati?", funsani kuti "pampando uwu angakhale ndani?" Nthawi zambiri yankho limakhala munthu mmodzi.

Kwatsala G, F ndi E pa 1, 2 ndi 3. Pali njira ziwiri, G F E kapena F E G. Mfundo 4 ikukana G kumapeto, ndiye yatsala F E G.

```
F E G D C B A
```

Tinayenda 6, 5, 2, 3, 1, 4, pafupifupi chobwerera m'mbuyo. Mukamaliza, bwererani pa mfundo zonse kuyambira 1 mpaka 6, nthawi ino mwandondomeko, chala chili pachithunzi. Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo poti chithunzi chimodzi chimayankha mafunso angapo otsatizana, kulakwitsa mpando umodzi kumakugwetsani pa onsewo.

Kanthu kena kakang'ono pa za mzere. Akanena kuti munthu ndi wachitatu kuchokera kumanja pamzere wa anthu 7, malo ake kuchokera kumanzere ndi 7 + 1 - 3, ndiye 5. Malo owerengera kumanzere kuphatikiza owerengera kumanja nthawi zonse amakwana chiwerengero cha anthu kuonjezapo 1. Komanso samalani kusiyana kwa "pompo kumanja kwa F" ndi "kumanja kwa F" chabe. Yachiwiriyo ikungonena mbali, munthuyo angakhale kutali ndi mipando inayi, choncho ndi mfundo yofooka, ya gulu limodzi ndi zokana zija.

Anthu akayang'ana kum'mwera, ndiye kuti akuyang'anani inu, ndipo kumanja kwawo kuli kumanzere kwa pepala. Mukakwera minibasi yochokera ku Matero kupita m'tauni, kondakitala akatembenuka kutolera ndalama atayang'ana anthu, dzanja lake lamanja limakhala mbali ya kumanzere kwanu. Ndi zomwezo. Chimene ndimachita ine n'kulemba mawu oti kumanja ndi kumanzere kumapeto onse awiri a mzere ndisanakhazike munthu, kuti ndisamaganizenso za izo pakati pa ntchito. Mizere ikakhala iwiri yoyang'anizana, mzere uliwonse uulembereni zake, popeza ndi zosemphana.

Tsopano za mozungulira tebulo, pamene ndikuganiza kuti m'pamene pamakupwetekani kwambiri. Bwalo lilibe mapeto ndipo lilibe pakati pa mzere, motero mfundo ija yomangirira munthu ku mpando simudzaipeza. Musataye nthawi kuifuna. Ubwino wake ngwakuti munthu woyamba mungamuike paliponse, chifukwa onse atasuntha mpando umodzi kuzungulira, makhalidwe awo sasintha, aliyense akadali ndi anansi ake omwewo. N'chifukwa chake anthu 8 pamzere ali ndi njira 40,320, koma mozungulira tebulo ali ndi 5,040 zokha. Mpando woyamba ndi waulere. Funso n'lakuti muupereke kwa ndani, ndipo pati.

Pati: pansi pa bwalo, pafupi ndi inu. Munthu wokhala pamenepo atayang'ana pakati pa tebulo wayang'ana kumtunda kwa pepala monga inu, ndiye kumanja kwake n'kumanja kwanu. Mpando umenewo uupatseni nambala 1, ndipo mupitirize 2, 3, 4 kulowera kudzanja lake lamanja, kukwera mbali ya kumanja kwa pepala, kudutsa pamwamba, kutsikira kumanzere. Uku n'kuyenda mosemphana ndi mivi ya wotchi. Pa anthu 8, mpando 3 umakhala kumanja kwa pepala, 5 pamwamba, 7 kumanzere. Mukatero mwadzipulumutsa ku chizungulire chonse, chifukwa kwa aliyense woyang'ana pakati, kumanja n'kuonjeza nambala, kumanzere n'kuchotsa. Woyang'anizana naye amapezeka poonjeza 4. Nambala ikapitirira 8 chotsani 8, ikatsika pansi pa 1 onjezani 8. Inu wokhoza masamu njira iyi ikukomerani, popeza yasandutsa nkhani ya manja kukhala kuphatikiza ndi kuchotsera.

Kwa ndani: tiyeni tione pa funso.

Anthu 8, A mpaka H, akhala mozungulira tebulo, onse ayang'ana pakati.

1. B wakhala pompo kumanzere kwa F.
2. E sayandikana ndi A.
3. Pakati pa C ndi H pali munthu mmodzi.
4. D ndi wachitatu kumanja kwa A.
5. G ndi wachiwiri kumanzere kwa B.
6. H wayang'anizana ndi D.

Powerenga koyamba, ikani kachizindikiro pa mfundo za njira imodzi. Ndi 1, 4, 5 ndi 6. Zitatu zoyambazo zikunena mbali ndi mtunda, ndipo kuyang'anizana kulibe mbali ziwiri. Mfundo 3 ili ndi njira ziwiri, mfundo 2 ndi yokana. Kenako onani mmene zinayizo zikulumikizirana. Mfundo 4 ndi 6 zakumana pa D, zapanga unyolo wa A, D, H. Mfundo 1 ndi 5 zakumana pa B, zapanga unyolo wina wa G, B, F. Maunyolo awiriwa sakugundana paliponse. Kunena zoona, mungayambe ndi uliwonse n'kufika. Ine ndingayambe ndi wa A, D, H, chifukwa H akutchulidwanso m'mfundo 3 ndipo A m'mfundo 2, kutanthauza kuti ukakhala pabwalo, mfundo zotsalazo zipeza pogwira. Komanso anthu ake ndi omwazikana, amadula bwalo m'timagawo ting'onoting'ono, zimene zimachepetsa malo a enawo.

Mpando waulere upite kwa A, osati D. Pa mfundo yoti "D ndi wachitatu kumanja kwa A", manja amene tikuwerengera ndi a A. Nthawi zonse mwini manja ndi amene dzina lake labwera pambuyo pa "kwa". A pa 1, D pa 1 + 3, ndiye 4. H pa 4 + 4, ndiye 8. Mipando yotsala ndi 2, 3, 5, 6 ndi 7.

Apa mutha kukopeka kuchita monga tinachitira pamzere paja, kutenga mfundo 3 n'kujambula mabwalo awiri, C pa 2 kapena C pa 6. Sikulakwa, koma dikirani. Musanagawe chithunzi pawiri, yesani kaye mtolo waukulu umene muli nawo, chifukwa mtolo ukakula malo oukwana amachepa. Wathu uli ndi anthu atatu ndi mpata umodzi: mpando wa B umapezeka pochotsa 1 pa nambala ya F, wa G pochotsa 2 pa nambala ya B. B ndi F akufuna mipando iwiri yogundana, B pa nambala yaing'ono. Malo otere alipo atatu. B pa 2 ndi F pa 3: G akanakhala pa 8, pamene pali H kale, zakanika. B pa 6 ndi F pa 7: G akanakhala pa 4, pali D, zakanika. B pa 5 ndi F pa 6: G ali pa 3, palibe munthu, zatheka. Mtolo walowa malo amodzi okha.

Mpando 6 watengedwa ndi F, ndiye C wangotsala ndi 2. Mfundo ya njira ziwiri ija yasanduka ya njira imodzi osajambula bwalo lachiwiri. E akutenga 7, mpando wotsiriza.

```
1 2 3 4 5 6 7 8
A C G D B F E H
```

Mfundo 2 sitinaigwiritse ntchito n'komwe. Anansi a A ndi C ndi H, E ali kutali, ndiye ikugwirizana. Mfundo zoonjezera zotere zimapezeka, musadabwe nazo kapena kuganiza kuti mwaphonya kanthu. Zitengeni ngati zotsimikizira.

Pali vuto limodzi loopsa pa funso lomweli limene ndikufuna mulione bwino, chifukwa ndaliona pamapepala a ophunzira ambiri anzeru. Munthu amalemba mtolo pambali mowongoka, kuchokera kumanzere kupita kumanja, G _ B F, ndipo mpaka apa ali bwino. Kenako pousamutsira pabwalo amauyala motsatira mivi ya wotchi, popeza dzanja linazolowera kuzungulira choncho. Amapeza G pa 5, B pa 3, F pa 2. Mipando yonseyo ilibe anthu, ndiye zikulowa bwinobwino. C akupita pa 6, pakati pa iye ndi H pali munthu mmodzi monga mfundo ikunenera, E pa 7 sayandikana ndi A. Chithunzi chadzaza, palibe pakutsutsana, munthu akusangalala. Koma akafunsidwa amene wayang'anizana ndi A ayankha G, pamene yankho ndi B. Kulakwa kwa mtundu uwu sikudzionetsa kokha. Theka la bwalo lawerengedwa mbali ina, theka lina mbali ina, ndipo chilichonse chikuoneka chaukhondo.

Mungakugwire bwanji? Ndi manambala aja. Mfundo 1 ikuti B ali kumanzere kwa F, ndiye nambala ya B iyenera kuchepa ndi 1 poyerekeza ndi ya F. M'chithunzi cholakwikacho B ali pa 3, F pa 2, nambala yakula. Pomwepo mwadziwa. Maso okha angakunamizeni, makamaka pamwamba pa bwalo. M'chithunzi cholondola B ali pamwamba, F ali chakumanzere kwake papepala, moti mukangoyang'ana mungati B ali kumanja kwa F. Koma F wayang'ana pakati, chakumunsi kwa pepala, ndipo dzanja lake lamanzere lili kumene kuli B. Khulupirirani manambala, kapena tembenuzani pepala mpaka munthuyo abwere pansi pafupi ndi inu.

Dziwaninso kuti pabwalo mawu oti "pakati" ali ndi njira ziwiri zowerengera. Pakati pa C ndi H pali munthu mmodzi mukadzera kwa A, koma pali anthu 5 mukadzera mbali inayo. Pa anthu 8 ziwerengero ziwirizo zimakwana 6 nthawi zonse, popeza awiri otchulidwawo sawerengedwa. Funso likati "kuwerenga kuchokera kumanja kwa C", tsatirani mbali imeneyo ngakhale ikhale yaitali. Ndipo kuyang'anizana kumatheka pokhapokha chiwerengero cha anthu chikugawika ndi 2. Pa anthu 7 palibe amene ali ndi mnzake wolunjika naye.

Mafunso ovuta kwambiri ndi aja oti ena ayang'ana pakati, ena ayang'ana kunja. Apa muyeso wathu uja sunasinthe, koma mfundo zimasintha magulu. Kwa woyang'ana kunja zonse zatembenuka: kumanja n'kuchotsa, kumanzere n'kuonjeza. Choncho "D ndi wachitatu kumanja kwa A" sikhalanso ya njira imodzi ngati simukudziwa kumene A wayang'ana. A ali pa 1, D angakhale pa 4 kapena pa 6. Kumene D wayang'ana kulibe kanthu pa mfundo imeneyi, chofunika ndi mwini manja. Ndiye yambani ndi munthu amene akuuzani poyera kumene wayang'ana, ndipo ngati wayang'ana pakati, ameneyo ndiye atenge mpando wapansi. Mfundo za mipando yolunjikana zimakwera mtengo pano, chifukwa sizidalira kumene munthu wayang'ana. Chimodzimodzi "wachinayi kumanzere" pa anthu 8, popeza 4 kumanzere ndi 4 kumanja zimafikitsa pampando womwewo. Munthu aliyense mukadziwa kumene wayang'ana, mujambulireni kamuvi pomwepo, musasunge m'mutu.

Nthawi zina mfundo ziwiri zimakuuzani kumene anthu ayang'ana osanena poyera. Akati D ndi wachitatu kumanja kwa A, komanso A ndi wachitatu kumanja kwa D, taganizani. Anthu oyang'ana mbali yofanana, wina akakhala kumanja kwa mnzake, mnzakeyo amakhala kumanzere kwake. Kuti aliyense aone mnzake kumanja pa mtunda womwewo pamene sanakhale molunjikana, ndiye kuti mmodzi wayang'ana pakati, wina kunja. Simunadziwe kuti ndani, koma mukangodziwa wa mmodzi, winayo watuluka.

Akaonjezera zina, monga ntchito ya munthu aliyense kapena dera limene amakhala, kaya Chawama, Kabwata kapena Chelstone, musayese kuthetsa zonse pamodzi. Pampando uliwonse siyani malo awiri, dzina mkati mwa bwalo, ntchito kunja. Mfundo yoti "namwino wayang'anizana ndi A" ichiteni ngati ya munthu wamba, lembani namwino pampando 5 ngakhale simunadziwe dzina lake. Mfundo yoti "C ndi mphunzitsi" sikhazika munthu, koma ilembeni msanga pambali, chifukwa imasandutsa mfundo ziwiri zooneka zosiyana, ina ya C ina ya mphunzitsi, kukhala unyolo umodzi.

Pa za nthawi, malire anga ndi awa. Zithunzi ziwiri n'zachizolowezi, zitatu n'zopirira. Mukaona kuti mukufuna chachinayi ndi chachisanu, imani. Kawirikawiri ndiye kuti pali mfundo ya njira imodzi imene mwaidumpha, kapena mwagawa chithunzi musanayese mtolo. Werenganinso mfundo zonse kamodzi. Mukapanda kupeza pogwira, lisiyeni funsolo, chitani ena, mudzabwerere ngati nthawi ilipo. Ngati mayeso anu ndi a pakompyuta, funsani pasadakhale ngati amalola pepala lojambulapo, chifukwa mafunso awa sachitika bwino m'mutu.

Pokonzekera kunyumba, tolani zitsekerero za mabotolo 8, mulembe zilembo mkati mwake ndi kamuvi kosonyeza kumene munthu wayang'ana. Zisunthenisuntheni patebulo pa mafunso angapo oyamba, mpaka zoonjeza ndi zochotsa zija zilowe m'dzanja, kenako mubwerere ku pensulo, popeza m'chipinda cha mayeso simulowa nazo. Ndipo pa mafunso ena yesani izi: osawathetsa, ingolembani pambali pa mfundo iliyonse nambala ya njira zake, 1, 2 kapena "zambiri", ndi ndondomeko imene mungaitsate. Luso limene mukusowa ndi limenelo, ndipo limakula msanga mukaliphunzira palokha.

Mukachita zonsezi koma mayankho anu n'kumasiyanabe ndi a m'buku, musalimbane nazo nokha mpaka tsiku la mayeso. Pitani kwa aphunzitsi a masamu amene mumawadziwa, kapena kwa mnzanu amene analembapo mayeso otere, ndipo mutenge pepala lanu lenilenilo, la zokhwatchakhwatcha, osati lokopera bwino. Munthu wodziwa akaona zithunzi zanu mwandondomeko amaloza msanga pamene munapatukira, kaya ndi pa kuwerenga "pakati", pa mwini manja, kapena pa kuyala mtolo chobwerera. Muwapemphe kuti akuonereni mukuthetsa funso limodzi mokweza mawu, osati iwo akuthetsereni. Ndipo ngati nonse awiri mwayendera mfundo iliyonse ndi manambala, zonse zikugwirizana, koma buku likunena zina, dziwani kuti mayankho a m'timabuku tokonzekera mayeso ndi a m'mapepala ofotokopedwa nthawi zina amakhala olakwika. Yesani yankho la m'bukulo pa mfundo zomwezo, imodziimodzi, muone ngati likupirira.